Pepala likuti ndinu kontirakitala, koma nthawi yolowera amakuuzani ndani?

"Ndimalowa ntchito m'mawa uliwonse nditavala yunifomu ya kampani, koma pa kontirakiti analemba kuti ndine wodziyimira pandekha. Nditadwala sanandilipire. Kodi zimenezi n'zololeka?"

Kalata yanuyi yanditukusira chilonda chakale. Ine ndinkaperekera katundu pa njinga yamoto ku kampani ina. Njinga inali yawo, chisoti chawo, makasitomala awo, ndipo ndikachedwa ankandidula ndalama. Tsiku lina kutagwa mvula ndinaterereka pakona, mkono n'kuthyoka. Ndili ndi chikhakha ndinapita ku ofesi kukafunsa za chipukuta misozi. Kalaliki anatulutsa kontirakiti, n'kuloza mzere umodzi ndi cholembera: "Pepani bambo, inu si wantchito wathu." Mawa lake njinga ija inali ndi munthu wina.

Kontirakitala weniweni ali ndi bizinesi yakeyake. Taganizani za pulambala amene mwamuitana kuti akonze mpope. Mtengo amatchula yekha, amabwera ndi zida zake, akatanganidwa amatuma mnyamata wake, akamaliza amapita kwa kasitomala wina. Phindu ndi lake, kuluza n'kwakenso. Ine ndikanatuma mng'ono wanga pa njinga ija, akanandithamangitsa tsiku lomwelo.

Ena amati makampani amasokoneza mosadziwa. Ine ndikukana, ambiri amachitira dala. Wolembedwa ntchito amamulipira masiku a tchuthi ndi odwala, amamusonkhera gawo la penshoni, akavulala pantchito pamakhala chipukuta misozi, ndipo sangachotsedwe popanda notisi ndi chifukwa chomveka. Akangokulembani "kontirakitala", zonsezi zimagwera m'thumba mwanu, ngakhale msonkho mumathamanga nawo nokha. Chondinyansa kwambiri n'choti amakunyengererani kuti ndinu bwana wa inu eni. Bwana wanji wopempha chilolezo kuti apite kuchipatala?

Makhoti sakomedwa ndi dzina

Mu 2006 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linatulutsa malangizo nambala 198, oti poweruza aziyang'ana mmene ntchito ikugwiridwira, osati dzina lolembedwa papepala. Mu 2021 khoti lalikulu kwambiri ku Britain linagamula kuti madalaivala amene anasumira kampani ya matakisi ya Uber ayenera kulandira malipiro osatsika pa mlingo wa boma komanso tchuthi cholipidwa, poti mitengo ya maulendo ndi malamulo a ntchito inkaika ndi kampaniyo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma funso loti akulamula ndani limabwera pafupifupi kulikonse.

Yunifomu payokha si umboni wokwanira. Sungani mauthenga okuuzani nthawi yolowera, ndandanda ya mashifiti, mapepala a malipiro ndi kalata ya dokotala, mupite nazo ku ofesi ya zantchito kapena ku bungwe la apantchito. Musazengereze, poti madandaulo otere amakhala ndi nthawi yake yoperekera, ndipo musasaine pepala latsopano lililonse asanakuwerengereni wodziwa malamulo.