Chilembo chachikulu sichigwira ntchito imodzi m'zinenero zonse

"Ndikuphunzira Chijeremani kuti ndikachite maphunziro a unamwino. Aphunzitsi amandichonga ndi cholembera chofiira chifukwa cholemba mayina a zinthu ndi zilembo zazing'ono. Koma ku sekondale, a Chifalansa ankatichonga tikalemba masiku ndi miyezi ndi zilembo zazikulu. Kodi olondola ndani? Nanga zimenezi n'zofunikadi?"

Achemwali, kalata yanuyi yandikanda pachilonda. Aphunzitsi anu onse awiri akulondola, koma mundilole ndiyambe ndadandaula kaye.

Ndinagwirapo ntchito yotayipa ndi kuwongola makalata pa kabungwe kena komwe kankalemberana ndi anzawo a ku Kongo ndi ku Jeremani. Tsiku lina tinakonza kalata yoitanira anthu ku msonkhano m'Chifalansa. Womasulira wathu, mayi wa ku Lubumbashi amene Chifalansa anachiyamwira, analemba deti bwinobwino: *le lundi 3 mars*. Bwana wathu, munthu wonyadira Chingerezi chake, anaitenga kalatayo n'kuyamba kuikonza. *Lundi*, *Mars*, *Français*, paliponse chilembo chachikulu. Anati mayiyo ndi waulesi, sadziwa kudina batani la Shift. Ine ndinayesa kufotokoza, koma bwana akanena wanena. Kalata inapita choncho, ndipo amene anaoneka ngati sadziwa kulemba ndi mayi uja, osati bwanayo. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa bwanayo sankadziwa Chifalansa ngakhale moni, koma anali wotsimikiza kuti lamulo la Chingerezi ndi lamulo la dziko lonse.

Matenda amenewa tili nawo ambiri. Tinazolowera kulemba Lolemba, Lachisanu, Januwale ndi chilembo chachikulu monga amachitira a Chingerezi, ndiye timaona ngati ndi mmene Mulungu analengera. Chonsecho pa nkhani ya masiku ndi miyezi, Chingerezi ndicho chili m'gulu la ochepa. Chisipanishi, Chitaliyana, Chidatchi, Chirasha, zonsezi zimalemba masiku ndi miyezi ndi zilembo zazing'ono ngati Chifalansa. Ndipo musanyengeke mukaona Mjeremani akulemba *Montag* ndi *März* ndi zilembo zazikulu n'kumati akugwirizana ndi Mngerezi. Ayi. Mngerezi amakuza chilembo chifukwa amaona tsiku ngati dzina lamwinimwini. Mjeremani amakuza chifukwa mawuwo ndi dzina basi, chimodzimodzi tebulo, galu kapena njala.

Tiyeni titenge chiganizo chimodzi: "Ndikumana ndi mphunzitsi wanga wa ku Falansa Lolemba pa 3 Malichi."

M'Chijeremani: *Ich treffe meinen französischen Lehrer am Montag, dem 3. März.*

M'Chifalansa: *Je rencontre mon professeur français le lundi 3 mars.*

Taonani cha Chijeremanicho. *Lehrer*, mphunzitsi, watenga chilembo chachikulu ngakhale si dzina la munthu. Koma *französischen* ali ndi chaching'ono ngakhale akunena za dziko, chifukwa ndi mfotokozi. Apa ndi pamene odziwa Chingerezi amagwera, poti dzanja limathamangira kukuza chilichonse chonena za mtundu wa anthu. *Ich*, kutanthauza ine, wakula chifukwa ali koyambirira kwa chiganizo. Akakhala pakati amalembedwa *ich*. M'chiganizo cha Chifalansa, chilembo chachikulu n'chimodzi chokha, choyambirira. Afalansa ndi aumbombo ndi zilembo zazikulu. Chinenero chawo chomwe amachilemba *le français*, ndipo amakuza pokhapokha akunena munthu: *un Français*. Ngakhale m'mayina a malo amakuza mbali yokhayo yomwe ikusiyanitsa malowo ndi ena, monga *le lac Malawi* ndi *l'océan Indien*. Deti wamba ndi *le 14 juillet 1789*, koma ponena za chikondwerero cha dziko lawo amalemba *le 14 Juillet*, chifukwa pamenepo lasanduka dzina la mwambo.

Kunena zoona, ine ndili kumbali ya Ajeremani, ndipo ndikamakula ndikuumiriranso kwambiri. Anthu amati lamulo lawo ndi lotopetsa. Inde limatopetsa wolemba, koma limapeputsira wowerenga, makamaka wophunzira ngati inu. Ziganizo zawo zimatalika, mneni n'kukabisala kumapeto kwenikweni, ndiye zilembo zazikulu zimakuonetsani msanga pomwe pali mayina. Nthawi zina chilembocho chimasintha tanthauzo lonse. *Morgen* ndi m'mawa, *morgen* ndi mawa. *Sie* wa chilembo chachikulu pakati pa chiganizo ndi "inu" waulemu, pamene *sie* ndi "iye" wamkazi kapena "iwo". Mukalembera mkulu wa anamwino n'kuika *sie* wamng'ono, mwasiya kulankhula naye, mwayamba kunena za munthu wina.

Sikuti Ajeremani onse anakondwera nalo lamuloli. Jacob Grimm, katswiri wa chinenero chawo wa m'zaka za m'ma 1800, ankadana nalo ndipo ankalemba mayina ndi zilembo zazing'ono. Sukulu ya zaluso ya Bauhaus inasiyiratu zilembo zazikulu m'chaka cha 1925. A ku Denimaki ankalemba ngati Ajeremani, koma anasiya mu 1948. Angerezi nawo ankakuza mayina ambiri kale. Mukaona malamulo oyendetsera dziko la Amereka a 1787, mupeza zilembo zazikulu zili mbwee. Chodabwitsa n'chakuti pamene mayiko olankhula Chijeremani anakonzanso kalembedwe mu 1996, zilembo zazikulu sanazichotse, anaziwonjezera: *heute abend*, madzulo ano, anasanduka *heute Abend*. Choncho mukagula buku lakale pa kaunjika wa mabuku, yang'anani chaka chomwe linasindikizidwa, lingakusokeretseni.

Pomwe pamavuta kwenikweni

Tebulo ndi galu savuta. Chovuta ndi mawu omwe amasintha gulu. Mneni *essen*, kudya, amalembedwa ndi chilembo chaching'ono, koma akangotsogoleredwa ndi *das*, kamawu kotsogolera dzina, wasanduka dzina: *das Essen*, chakudya. N'chimodzimodzi *beim Lesen*, powerenga, chifukwa m'kati mwa *beim* mwabisala *dem*, yemwe ndi *das* yemweyo atasintha maonekedwe. Zimachitikanso mobwerera: *am Montag* ndi dzina, koma *montags*, kutanthauza Lolemba lililonse, ndi muonjezi ndipo chilembo chimachepa. Chinenero nacho chimatero: *die deutsche Sprache* koma *auf Deutsch*. Kenaka pali kagulu kamwano ka afotokozi ochokera ku mayina a malo othera ndi *-er*, omwe amakula nthawi zonse, monga *die Berliner Mauer*.

Kompyuta nayo ndi bwana wina wosamva. Pulogalamu ya Word ili ndi kabokosi ka AutoCorrect kotchedwa "Capitalize names of days", ndipo imatsata chinenero chomwe ikuganiza kuti mukulemba. Mukaisiya pa Chingerezi, sikuthandizani pa Chijeremani: mzere wofiira udzadzaza tsamba lonse mpaka simudzaona cholakwika chenicheni. Pitani pa Review, Language, Set Proofing Language, musankhe chinenero choyenera. Pafoni onjezani kiyibodi ya Chijeremani, imakuza yokha mayina ambiri, ngakhale pa *morgen* ndi *Morgen* imangolota.

Tsono chochita nachi. Dzina lililonse la Chijeremani muzililemba m'kope pamodzi ndi *der*, *die* kapena *das* wake, chilembo chachikulu chili pomwepo. Mukakayika, yesani kuika kamodzi mwa timawu titatuti patsogolo pa mawuwo monga alili m'chiganizomo. Kakakhala bwino, kuzani chilembo. Pa mayeso olemba, sungani mphindi zochepa zomaliza kuti muwerengenso mukusaka zinthu ziwiri zokha: mayina, ndi *Sie*, *Ihnen*, *Ihr* aulemu. Za Chifalansa, mukakayika lembani chaching'ono.