Mabokosi a mwayi m'magemu: kodi ndi juga?

"Mwana wanga ali Fomu 4 kuno ku Mufakose, mu Harare. Madola 40 a maphunziro apadera a masamu wawathera m'gemu ya mpira ya pafoni, pogula timabokosi totulutsa osewera. Akuti si juga chifukwa kampani imalemba poyera mwayi wopambana, ndipo akuti iye akufuna kudzakhala wopanga magemu. Ndimuuze chiyani?" — Mayi wa ku Mufakose

Mayi, mnyamatayo sakunama pa nkhani yolemba poyera, koma nambala imene akuiwerengayo sakuimvetsa. Tiyambe ndi masamu omwe anathawawo.

Tinene kuti bokosi limodzi ndi dola imodzi, ndipo pafoni palembedwa kuti wosewera wapamwamba amatuluka pa mwayi wa 1%. Ana ambiri amaganiza kuti ukatsegula mabokosi 100, basi wamupeza. Ayi ndithu. Bokosi lililonse limayambira pomwepo, silikumbukira kuti dzulo munaluza. Mwayi woti mupeze wosewerayo kamodzi kapena kuposa pa mabokosi 100 umawerengedwa chonchi:

```
1 - 0.99^100 = 0.634
```

Ndiye kuti pa ana 100 amene aliyense wataya madola 100, pafupifupi 37 amachoka chimanjamanja. Kuti mwayi ungofika theka pamafunika mabokosi 69. Madola 40 a mwana wanu anamupatsa mwayi wa 33% yokha. Mutengereni kakyuleta awerengetse yekha, musamuwerengere. Mutu umenewu uli m'silabasi ya ZIMSEC yomwe akulemba chaka chino, ndipo ndaona ana ena akuumvetsa tsiku lomwelo chifukwa ndalama zake ndi zawo.

Mkangano woti ndi juga kapena ayi wagona apa. Umalipira ndalama zenizeni, chotulukamo sukuchidziwa, ndipo magetsi othwanima ndi kaphokoso kake amakuchititsa kumva ngati unatsala pang'ono. Kuwonjezera apo, sugula ndi madola mwachindunji. Umayamba wagula timiyala kapena timakobidi ta m'gemu, ndiye mtengo weniweni umasokonekera m'mutu. Makampani amayankha kuti bokosi silikhala lopanda kanthu, komanso zotulukamo sizisinthidwa kukhala ndalama, choncho si juga. Ine ndimati kwa mwana wa zaka 16 kusiyana kumeneko n'kochepa kwambiri.

Maiko sanagwirizane chimodzi. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti mabokosi ogulitsidwawa ndi juga, ndipo mu 2019 kampani yopanga magemu ya EA inasiya kugulitsa timakobidi ta m'gemu yake ya mpira totchedwa FIFA Points kumeneko. China inatenga njira ina: kuyambira pa 1 Meyi 2017, makampani amayenera kulengeza mwayi wa chinthu chilichonse. Apple inaika lamulo lofananalo pa App Store kumapeto kwa 2017, Google Play inatsatira mu 2019. N'chifukwa chake mwana wa ku Harare amaona manambalawo pafoni yake: akuchokera ku malamulo a masitolo amenewa.

Koma kulengeza pakokha sikutsimikiza kuti nambalayo ndi yoona. Mu Januwale 2024, bungwe loona za malonda achilungamo ku South Korea linalipiritsa kampani ya Nexon chindapusa cha ma won oposa 11 biliyoni chifukwa chosintha mwakachetechete mwayi wa zinthu za m'gemu ya MapleStory osauza osewera. Mu Malichi chaka chomwecho, lamulo lokakamiza kulengeza linayamba kugwira ntchito m'dzikomo. Palinso kaukathyali kena kololedwa: kulemba kuti "osakwana 1%". Mawu amenewo akhoza kutanthauza 0.9% kapena 0.01%, ndipo pa 0.01% mungafunike mabokosi pafupifupi 6,900 kuti mwayi ufike theka. Mukatsegula limodzi gemuyo, fufuzani pamene palembedwa Probabilities kapena Drop Rates. Mukapeza nambala ya gulu lonse la osewera osati ya amene iye akumufunayo, dziwani kuti mwayi weniweni ndi wocheperapo.

Za ntchitoyo musamugwetse mphwayi. Manambala amenewa saikidwa mwachisawawa. Pali anthu olembedwa ntchito kuti awerengetse chuma cha m'gemu, ena olemba mapulogalamu ake, enanso oonetsetsa kuti kampani ikutsata malamulo a dziko lililonse. Ambiri mwa amenewa anakhoza masamu. Ngati akufunadi njira imeneyi, akhoze bwino masamu a Fomu 4, awatengenso ku Fomu 5 ndi 6, kenako ayang'ane maphunziro a zamakompyuta ku University of Zimbabwe kapena ku Harare Institute of Technology. Kutsegula mabokosi sikuphunzitsa kupanga gemu, monga momwe kukwera kombi tsiku lililonse sikupatsa munthu laisensi.

Usiku uno sinthani nambala yachinsinsi ya EcoCash yanu, ndipo pa Google Play tsegulani zoti kugula kulikonse kuzifunsa mawu achinsinsi. Madola 40 aja abweze pang'onopang'ono kuchokera pa ndalama zake za kusukulu, ndipo ndalama za mphunzitsi muzikapereka nokha.