Pepala lochongapo la tsamba limodzi

"Amayi anzanga, Loweruka tikukaphika pa chinkhoswe kumudzi kopanda magetsi, netiweki ndi yovutanso. Ndikufuna pepala limodzi loti atsikana anga azichongapo katundu. Ndilikonze bwanji kuti lisawasokoneze?"

Achemwali, musapite nalo kopulintitsa lili mu Word. Lisandutseni PDF kaye, chonde, ine zinandionekera.

Unali ukwati wa ku Dedza, ife tikuchokera ku Lilongwe. Ndinachezera usiku kukonza mndandanda wanga, zigawo zinayi, zilembo zokongola zimene mwana wanga anandiikira pa laputopu, zonse zinakwana tsamba limodzi. M'mawa ndinatumiza kwa mnyamata wina wopulinta, ndati tsamba limodzi, makope asanu. Kompyuta yake inalibe zilembo zangazo, ndiye Word inangosankha zina zonenepa, mizere n'kutalika, chigawo chomaliza n'kugwera tsamba lachiwiri. Iye anaona ndithu kuti masamba ndi awiri. Anapulinta loyamba lokha, n'kulandira ndalama, osanena kanthu!

Chigawo chimene chinatsalacho mutu wake unali "Zotulutsa mufiriji ponyamuka". Atsikana anachonga chilichonse chimene chinali papepala, miphika, nkhuni, mpunga, mafuta, palibe amene analakwa. Tafika, moto wayaka, anyezi tadula, ndikuti bweretsani nkhuku. Onse zii, kumangoyang'anizana. Nkhuku zonse zinali mufiriji kunyumba. Mayi ake a mkwatibwi anabwera kukhitchini atavala kale za ukwati, anangoima n'kumandiyang'ana, ine thukuta kamukamu, pepala lili m'manja lochongedwa bwinobwino mpaka pansi. Tinayenda khomo ndi khomo kugula nkhuku zamoyo pamtengo umene mwiniwake wanena, kusosola nthenga alendo atakhala kale pamipando. Lolemba nditamufunsa mnyamatayo akuti "munati tsamba limodzi, mayi". Mtima umandiwawabe. Kodi kungondiimbira kunavuta chiyani?

Ndiye panopa ndimachita chonchi. Choyamba ndimaona kukula kwa pepala pa Layout, kenako Size, ndisankhe A4. Makompyuta ambiri amakhala ali pa Letter, pepala la ku America, lomwe ndi lalifupi ndi mamilimita 18 poyerekeza ndi A4 yathu, ndiye mumataya malo a mizere iwiri pachabe. Zilembo mtundu umodzi pepala lonse, Arial, chifukwa imapezeka pafupifupi pakompyuta iliyonse. Zinthu zochonga ndimaika pa 14, mitu ya zigawo pa 16 yokhuthala, basi. M'mawa kukadali mdima, utsi uli m'maso, palibe amene angawerenge tizilembo ta 10.

Timabokosi musatenge tija ta pa Symbol, timatuluka tating'ono ndipo pakompyuta ina timatha kusanduka chizindikiro china. Jambulani tebulo la mizati iwiri, wakumanzere wopapatiza mamilimita 7 wokhala ndi mizere yakuda mbali zonse, wakumanja wa mawu. Bokosi likhale kumanzere nthawi zonse, pafupi ndi mawu ake. Likakhala kutali kumanja diso limaphonya mzere, munthu amachonga mchere pamene wanyamula shuga.

Malo ake werengani musanayambe. A4 ndi yotalika mamilimita 297. Mukasiya 15 pamwamba ndi 15 pansi atsala 267. Mutu wa pepala, tsiku ndi dzina la wochonga zidya 20, mitu inayi ya zigawo idya 32, atsala 215. Mzere uliwonse ukatenga 9, zinthu zokwana ndi 23. Zikaposa pamenepo musachepetse zilembo, chotsani zimene munthu sangaiwale.

Zigawo zitsate mmene munthu akuyendera, osati mmene zabwerera m'mutu: za m'sitolo pamodzi, za kukhitchini pamodzi, zogula panjira pamodzi, za mufiriji pamodzi. Ndipo chimene chingakuchititseni manyazi chikhale pamwamba penipeni, ine za mufiriji ndi zimene zimayamba tsopano ngakhale timazinyamula pomaliza. Mzere umodzi chinthu chimodzi ndi nambala yake, "mabeseni 4", osati "mabeseni ndi zipande", poti wina adzachonga atanyamula mabeseni okha. Mitu musaipake utoto wotuwa kumbuyo, pa fotokope umada mawu osaoneka. Pansi penipeni ndimalemba kuti "MATHERO, zinthu zonse 23", mawu amenewa akasowa aliyense adziwa kuti pepala laduka.

Populinta nenani kuti Actual size, ndipo apulinte ndi makina aja a inki yaufa, chifukwa inki yamadzi imayenderera dzanja lonyowa likangokhudza. Pepalalo liikeni m'kapulasitiki, bolopeni mumangirire ndi chingwe. Kope loyamba muliwerenge muli pomwepo musanalipire.

Koma achemwali, pepalalo musalikhulupirire kwambiri. Galimoto isananyamuke zungulirani nyumba nokha, tsegulani firiji ndi manja anu, ndipo mulijambulenso pafoni, kuona chithunzi sikufuna netiweki.