Mabowo a anankafumbwe pa mpando wa m'kaunjika

Funso: "Ndapeza mpando wamatabwa wodzaza timabowo, wogulitsa akuti ndi umboni woti ndi wakalekale. Ndimukhulupirire?"

Achimwene, musafulumire kutulutsa ndalama. Tengani singano yopyapyala muilowetse m'bowo limodzi. Kachilombo sikaboola mowongoka. Kamakhota mkati motsata mitsempha ya thabwa, moti singano imangolowa pang'ono n'kuima. Ikalowa yonse myaa, pamenepo padutsa chobooolera kapena msomali. Bowo lenileni limakhala la mamilimita 1 mpaka 2, ndipo m'mphepete mwake thabwa silikhala lophwanyikira mkati ngati pokhomedwa.

Onaninso pamene mabowowo ali. Tizilombo timakonda kunsi ndi kumbuyo, komwe kulibe vanishi. Akachuluka pamaso pokha pomwe wogula amayang'ana, ine ndimachokapo.

Kenako utembenuzeni mpandowo. Kunsi kwa mpando wakale kumada pang'onopang'ono ndi mpweya, ndipo amisiri sankavutika kupakako utoto. Mukapezako mizere ya bulashi, kapena nsalu yoyera yonyowa ikatuluka yofiirira mutapukutapo, apaka dzulodzuloli. Ineyo ndinapusitsidwapo ndi tebulo lotere, ndinangozindikira nditafika kunyumba, manja atada bii ndi polishi wa nsapato.