Mmene mungapemphere a holoselo kuti akuwonjezereni masiku 30

"Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi golosale ku Mchesi ndipo ndimaperekanso zakudya kusukulu ina yomwe si yaboma. A holoselo amandipatsa katundu pangongole ya masiku 30. Pano ndikuyenera kuwalipira K4,800,000 pa 30 Sepitembala, koma sukulu ija ili ndi K6,000,000 yanga ndipo akuti andilipira pa 20 Okutobala. Ndiwapemphe bwanji kuti andiwonjezere masiku 30 ubale wathu osawonongeka?"

Amayi, pitani kwa a holoselo sabata ino, tsiku lolipira lisanakwane. Ndagwirapo ntchito yotolera ngongole pa holoselo, ndiye ndikuuzani mmene nkhanizi zimamvekera kwa amene ali mbali inayo ya kauntala. Kasitomala akabwera tsiku lisanafike, timati akupempha. Akabwera tsiku litadutsa, titamuimbira kale foni osayankha, timati walephera kulipira, ngakhale mawu amene akunena akhale omwewo. Woyambayo timakambirana naye masiku, wachiwiriyo timamutsekera ngongole.

Koma musanapite, yambani mwatsimikiza za ndalama yakusukulu ija, chifukwa pempho lanu lonse latsamira pamenepo. Tsiku la 20 Okutobala anakuuzani ndani? Ngati ndi wosunga katundu kukhitchini, kapena munangolimva pafoni, limenelo si tsiku lodalira. Kakumaneni ndi wosunga chuma wa sukuluyo ndipo mukafunse zinthu zolunjika: kodi invoyisi yanu analandira, inavomerezedwa, ndipo amene amasainira ndalama wasaina? Pemphani kakalata kafupi, kapena asaine ndi kudinda pa sitetimenti yanu kuti akuvomereza ngongoleyo ndi tsikulo. Sukulu zotere zimalipira malinga ndi mmene makolo akuperekera fizi, ndipo teremu ikangoyamba amayamba ndi malipiro a aphunzitsi, magetsi ndi madzi. Inu operekera zakudya mumabwera pambuyo. Akamazemba kulemba tsiku papepala, dziwani kuti masiku 30 sakukwanirani, ndipo ndi bwino kupempha 45 kamodzi kusiyana ndi kupempha 30 kenako n'kubwereranso. Pempho lachiwiri ndi limene limawononga mbiri ya munthu.

Mufunsenso wosunga chuma wa sukuluyo ngati adzadule msonkho polipira. Ngati mulibe chikalata cha MRA chokuchotsani pa msonkho wodulidwiratu, akhoza kudula 3 pa 100 iliyonse, ndiye mudzalandira K5,820,000 osati K6,000,000. Ikukwanabe kubweza ngongole, koma muwerengere pa ndalama yeniyeni.

Tsopano pempho lenilenilo. Ine sindingakulangizeni kupempha kuti ndalama yonse idikire mwezi wathunthu. Golosale yanu ikugulitsa tsiku lililonse ndipo a holoselo akudziwa zimenezo. Mukati mulibe kalikonse, adzaganiza kuti mwina bizinesi ikugwa kapena ndalama yawo mwaodera katundu kwina. Tengani kope lanu la zogulitsa, muone zimene mumapeza pa sabata mukachotsa lendi, malipiro a antchito ndi ndalama yoodera katundu wothamanga ngati shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Zotsalazo ndizo mungalonjeze.

Tiyerekeze kuti pofika pa 30 Sepitembala mukhoza kusonkhanitsa K1,500,000, ndipo m'masabata awiri otsatira golosale ingatulutse K800,000. Ndiye pempho lanu likhale lotere: K1,500,000 pa tsiku lomwe munagwirizana poyamba, K800,000 pa 15 Okutobala, ndipo K2,500,000 yotsalayo pa 30 Okutobala. Taonani kuti tsiku lomaliza laposa la sukulu ndi masiku 10. Masiku amenewo ndi anu, oti sukulu ikachedwa pang'ono kapena banki ikachedwetsa ndalama musapezeke wabodza. Musalonjeze 21 Okutobala pofuna kusangalatsa munthu. Ndalama ikabwera msanga mudzalipira msanga, ndipo palibe amene amakwiya ndi zimenezo.

Gawo loyambalo ndi lofunika kuposa mmene ambiri amaganizira, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Holoselo yolembetsa msonkho wa vati imapereka msonkhowo ku MRA pofika pa 25 mwezi wotsatira, potengera mainvoyisi amene inalemba, kaya kasitomala walipira kaya sanalipire. Kutanthauza kuti pa katundu amene munatenga, iwo akutulutsa kale ndalama m'thumba mwawo. Nawonso ali ndi masiku awo kwa opanga katundu. Komanso onse ogulitsa pangongole akukumbukira Meyi 2022 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndi Novembala 2023 pamene inatsitsidwa ndi 44 pa 100. Amene anali ndi ndalama zambiri kunja kwa makasitomala anabwezedwa ndalama zosakwana kuodanso katundu yemweyo. Ndiye mukaona akuvuta, si nkhanza ayi, ali ndi mantha awo. Mukafika ndi ndalama ina m'manja, mwachotsa gawo la manthawo musanayambe n'kulankhula.

Lankhulani ndi munthu woyenera. Mnyamata amene amakubweretserani katundu kapena wotenga maoda adzakuuzani kuti "palibe vuto amayi," koma alibe mphamvu yosintha tsiku m'buku la ngongole. Pa 1 Okutobala dzina lanu lidzatulukabe pamndandanda wa ochedwa. Funsani amene amayang'anira ngongole za makasitomala, ndipo ngati ndi holoselo ya banja, mwini wake. Pitani nokha, m'mawa anthu asanachuluke, osati pa Loweruka kapena kumapeto kwa mwezi pamene aliyense ali piringupiringu. Tengani sitetimenti yanu, marisiti osonyeza kuti mwakhala mukulipira pa nthawi yake, ndi pepala lakusukulu lija.

Mukakambirana, lembani. Kalata yake isatalike, ndipo ikhoza kumveka motere:

"Bambo, ndikuthokoza pondilandira lero. Ndikuvomereza kuti ndili ndi ngongole ya K4,800,000 pa invoyisi nambala yakutiyakuti, yoyenera kulipidwa pa 30 Sepitembala. Kasitomala wanga wamkulu wachedwa kundilipira ndipo watsimikiza polemba kuti alipira pa 20 Okutobala. Ndikupempha kuti ndilipire motere: K1,500,000 pa 30 Sepitembala, K800,000 pa 15 Okutobala, ndi K2,500,000 pa 30 Okutobala. Pempholi ndi la invoyisi imeneyi yokha. Katundu amene nditenge m'masiku amenewa ndizilipiriratu. Chonde sainani pansipa ngati mwavomera."

Aliyense asunge kope lake. Akakana kusaina koma avomera pakamwa, atumizireni mawu omwewo pa WhatsApp ndipo muwapemphe ayankhe kuti avomera. Antchito amasintha, ndipo wobwera mawa sadzadziwa zimene munagwirizana ndi mnzake.

Mwaona kuti m'kalatamo mulibe za matenda, za fizi ya ana kapena za kukwera kwa zinthu. Zikhoza kukhala zoona, koma sizimuuza wa holoselo kuti ndalama yake ichokera kuti. Chifukwa chimodzi chomveka, chokhala ndi umboni, n'chokwanira. Ndipo musakokomeze kapena kuchepetsa chilichonse. Ogulitsa a m'tauni imodzi amadziwana, ndipo madalaivala awo amaona katundu amene akutsitsidwa pashopu panu.

Mzere uja wa katundu watsopano musausiye. Ambiri amakambirana za ngongole yakale yokha, kenako amadabwa pa 5 Okutobala atatumiza oda n'kuuzidwa kuti akaunti yatsekedwa. Shelefu ikakhala yopanda kanthu, K800,000 ija ichokera kuti? Gwirizanani tsiku lomwelo kuti muzitenga katundu polipiriratu pamtengo wanu wakale wa holoselo. Kwa iwo n'zabwino chifukwa akugulitsabe ngongole isakukula, ndipo inu simukupita kwa opikisana nawo.

Akhoza kufuna chiwongoladzanja, makamaka ngati pafomu imene munasaina potsegula akaunti pali mawu a chilango cha ochedwa. Iwerengeni fomuyo musanapite. Akanena, mwachitsanzo, 3 pa 100 pamwezi pa K3,300,000 yotsala mukalipira gawo loyamba, ndi K99,000, ndipo iyenera kuchepera pamenepo popeza K800,000 mubweza pakati pa mwezi. Ine ndingavomere, bola chilembedwe ngati ndalama yodziwika, osati chiwongoladzanja chomakula chokha. Yerekezani ndi katapila: ngakhale atakuchitirani chifundo n'kunena 30 pa 100, pa ndalama yomweyo ndi K990,000, phindu la oda yakusukulu likhoza kuthera pamenepo. Chonde musapite kwa akatapila pofuna kuoneka wokhulupirika kwa a holoselo. Ndaona mashopu abwino akutsekedwa chifukwa cha zimenezi.

Chimene sindingavomere ndi kupereka buku la galimoto kapena mapepala a malo ngati chikole pa kuchedwa kwa mwezi umodzi. Musasainenso pepala lililonse limene simunaliwerenge mpaka pansi. Akafuna chitsimikizo china, njira ilipo yabwinopo: pemphani sukulu ilipire K2,500,000 mwachindunji ku akaunti ya holoselo, yotsalayo kwa inu. Sukulu iyenera kuvomera polemba, ndipo inu mudzatenge risiti m'dzina lanu. Dziwani kuti potero mukuwadziwitsa a holoselo kasitomala wanu, ndiye ngati nawonso amapereka katundu m'masukulu, ganizani kawiri.

Akakana masiku 30, funsani kuti angakwanitse angati. Nthawi zambiri amene wakana 30 amavomera 14 kapena 21, kapena amafuna gawo loyamba likwere. Onaninso ngati muli ndi katundu wawo wosatsegula amene sakuyenda, chifukwa ena amalandira n'kuchotsera pa ngongole. Mpata wotsalawo mungautseke ndi banki mkhonde yanu kapena kupempha sukulu ikupatseniko theka msanga. Ndipotu pempho limeneli kalipangeni ngakhale a holoselo avomere zonse, chifukwa amene wakuikani m'vutoli ndi sukulu, ndipo simuyenera kupitiriza kuwapatsa matumba a nyemba ndi mpunga pangongole yatsopano yakale isanabwere.

Pa tsiku lililonse limene mwalonjeza, lipirani m'mawa, tumizani umboni wa banki kapena wa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo pemphani sitetimenti yosonyeza ndalama yotsala. Sukulu ikapanda kulipira pa 20 Okutobala, imbirani a holoselo pa 21, osadikira pa 30, muwauze zimene a sukulu anena ndi ndalama imene mungabweretse kuchokera m'golosale sabata imeneyo.