Alonda 8, malo 5: kodi njinga yamoto ithandiza?

"Ndili ndi kampani yaing'ono ya alonda. Timalonda malo 5, awiri usana ndi usiku, atatu usiku okha. Alonda alipo 8, kutanthauza kuti 7 ali pantchito, mmodzi ndi wapadera. Koma sabata iliyonse wina sabwera, ena amapezeka akugona. Ndikufuna kutenga ngongole ndigule njinga yamoto kuti kapitawo azizungulira usiku. Mukuti bwanji?"

Bambo, fomu ya ngongoleyo ibwezeni kaye m'thumba. Njinga idzangokuthandizani kupeza msanga anthu otopa ali mtulo, ndipo wobwereketsa adzafuna zake mwezi uliwonse, kaya alondawo ali maso kapena ayi.

Mwawerenga anthu m'malo mowerenga mashifiti. Tiyeni tiwerenge limodzi, shifiti iliyonse ikhale ya maola 12. Malo olondedwa usana ndi usiku amadya mashifiti 14 pa sabata, awiriwo ndiye 28. Malo a usiku okha amadya 7, atatuwo ndiye 21. Onse pamodzi ndi 49. Mukagawira anthu 8, aliyense akugwira mashifiti 6 ndi kanyenyeswa, maola oposa 72 pa sabata. Ameneyo akagona pageti mumudabwa chiyani?

Wapadera uja si wapadera ayi. Anzake 7 akapuma tsiku limodzi aliyense, mashifiti osiyidwa ndi 7, ndipo onsewo amagwera iye. Ndiye kuti iyeyo sapuma n'komwe. Wina akadwala kapena akapita kumaliro, palibenso womuitana, ndiye mumapempha wa usiku kuti apitirize mpaka madzulo. Munthu wagwira maola 24, mawa lake sabwera, inu n'kumati ndi ulesi. Dzenje la lero mwalikwirira pokumba la mawa.

Mlonda aliyense azigwira mashifiti 5 pa sabata, ndipo pamenepo ndakukomerani mtima, chifukwa m'mayiko ambiri lamulo limaika malire pa maola 48 ndipo opitirira pamenepo ndi ovataimu. Tikagawa 49 ndi 5 tikupeza anthu pafupifupi 10. Onjezani mmodzi wotseka mipata ya tchuthi cha pachaka ndi matenda, akwana 11. Mukuperewera anthu atatu.

Ndikudziwa muyankha kuti ndalama zolipira atatuwo palibe. Funso loyenera kufunsa linali limenelo, ndipo yankho lake lili pa mtengo wa makontirakiti anu. Geti limodzi la usiku, masiku 7 pa sabata, silimadya malipiro a munthu mmodzi. Limadya malipiro a munthu mmodzi ndi theka, tisanawerenge yunifomu, tochi, kapitawo ndi phindu lanu. Ngati munauza kasitomala mtengo poganizira mlonda mmodzi, theka linalo akulipira ndi alonda anu, ndi tulo tawo. Pokonzanso kontirakiti, muonetseni masamuwa papepala. Akakana, siyani malo amodzi a usiku, makamaka akutali kwambiri kapena amene amachedwa kulipira. Mashifiti atsika kufika pa 42. Anthu anu 8 akwanitsa 40, ndipo awiri otsalawo mupatse waganyu wodalirika amene munamuphunzitsa kale, yemweyonso azitseka mipata ya tchuthi.

Ndandanda yake jambulani ya masabata anayi, masiku pamwamba, mayina m'mbali. Yambani kulemba masiku opuma, muwamwaze sabata yonse kuti mwa anthu 8 aja tsiku lililonse pazipuma awiri kapena atatu basi, kenako mudzaze ntchito. Wochoka ku mashifiti a usiku kupita ku a usana apume maola 24 pakati. Wolowa m'malo mwa anzake muzimutumiza ku malo oyandikana, ndipo ayambe wagwirako shifiti imodzi ndi mlonda wa pamalopo kuti adziwe makiyi, mageti ndi nambala zoimba pakagwa vuto. Malo amodzi azidziwidwa ndi anthu atatu, osati mmodzi.

Tsopano nkhani imene ndimakalipira aliyense: zolemba. Mwati "sabata iliyonse wina sabwera". Ndani? Tsiku liti? Malo ati? Ndikukayika ngati mungayankhe, chifukwa ndandanda yanu ili m'mutu ndi m'mauthenga a pafoni. Pa malo aliwonse pakhale buku lomwe wotuluka ndi wolowa amasainira limodzi, ndi nthawi yake yeniyeni. Ku ofesi mukhale ndi tsamba la mizere iwiri, wina wa amene anayenera kugwira, wina wa amene anagwiradi. Alonda akasinthana okha osakuuzani, mumalipira ovataimu kwa wina pomwe mnzake walandiranso tsiku lathunthu, shifiti imodzi n'kuilipira kawiri. Lembani mwezi umodzi wokha. Kujomba kukamachitika tsiku lotsatira shifiti yophatikiza, vuto ndi ndandanda yanu. Kukamachitika pa malo amodzimodzi, fufuzani za mayendedwe opitira kumeneko. Likamabwerabwera dzina limodzi, makamaka ngati ndi la m'bale amene munamulemba chifukwa chopemphedwa, ameneyo muitaneni mukambirane, bukulo lili patebulo.