Re: Kuika mipando m'chithunzi cha nyumba yopanda katundu

"Anzanga ndithandizeni. Ndili ndi nyumba ya lendi yopanda katundu, ndikufuna chithunzi cha pabalaza chioneke ngati muli mipando. Ndayesa img2img koma mwina sichisintha, mwina ikutuluka nyumba ya eni. Strength ndiike pati? Nanga pa foni zingatheke?"

Achemwali, za pa fonizo ayankha ena, ine ndimagwiritsa Stable Diffusion, AI yojambula zithunzi potsata mawu, pa kompyuta, pa pulogalamu ya AUTOMATIC1111, ndiye ndinena za pamenepo.

Nambala imodzi yoti muike basi n'kutheka palibe, ndipo amene akuti "ikani 0.75" angokuwerengerani nambala imene pulogalamuyo imabwera nayo. Denoising strength imayambira pa 0 kulekeza pa 1. Pulogalamu imayamba yawononga chithunzi chanu pochithira timadontho, kenako imachijambulanso potsata mawu amene mwalemba, ndipo nambalayo ndi imene imanena kuti chiwonongedwe motani. Pa 0.3 chawonongeka pang'ono chabe, pansi pakuonekabe kuti ndi popanda kanthu, choncho chimabwerera chomwecho, mwina utoto wa khoma ndi umene umasinthako. Pa 0.75 sofa imabwera ndithu, koma nthawi imeneyo makoma nawo afufutika, ndiye windo limasamuka, chitseko chimasanduka shelefu, siling'i imakwera. Pakatipo, cha m'ma 0.5, mumapeza zinthu zosadziwika bwino, sofa yosungunuka yolowa theka m'khoma. Vuto ndi lakuti nambalayo imagwira chithunzi chonse mofanana, pamene inu mukufuna pansi pasinthe kwambiri, makoma asakhudzidwe.

Ndiye musalimbane ndi nambala, sinthani kachitidwe. Tiyerekeze pabalaza pa mamita 4 kwa 5, windo kumanzere, chitseko kutsogolo, pansi pa matailosi. Chithunzi cha pa foni chimakhala chachikulu kwambiri, chichepetseni chifike 768 kwa 576 ngati muli pa modelo ya Stable Diffusion 1.5, ija amaitcha SD 1.5. Onetsetsani kuti m'litali ndi m'lifupi zachepa mogwirizana, apo ayi chipinda chimafinyika. Kenako chitsegulireni mu pulogalamu iliyonse yojambulira, ngakhale Paint, mupake nokha zibuluma za utoto pamene mukufuna katundu: chotuwa chachitali m'mbali mwa khoma poimira sofa, chofiirira pakati poimira tebulo, china chophwatalala pansi poimira kapeti. Zisakongole, bola zikhale pamalo pake ndi pa msinkhu wake. Msinkhuwo yezerani pa chitseko. Chitseko chimakhala pafupifupi mamita awiri, ndipo msana wa sofa sufika ndi theka lomwe la chitseko. Stable Diffusion sidziwa kukula kwa nyumba yanu, mukaisiya imaika mipando ing'onoing'ono n'kuonetsa chipinda ngati holo.

Chithunzi chazibulumacho chilowetseni pa Inpaint, gawo limene limasintha pokhapo pamene mwapaka burashi, osati pa img2img wamba. Pakani burashi pa zibuluma zija zokha, koma mupitirire pang'ono m'mbali ndi pansi pake. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mukapaka ndendende m'malire, mthunzi umasowa pogwera, sofa imaoneka ikuyandama pamwamba pa matailosi. Windo, zitsulo zake, masoketi ndi chitseko musazikhudze n'komwe. Pa Masked content sankhani original kuti itsate mitundu mwapakayo, pa Inpaint area sankhani Whole picture kuti ione chipinda chonse ndi kumene kuwala kukuchokera. Tsopano strength ya 0.6 mpaka 0.7 imagwira bwino, chifukwa ili ndi poyambira. Zikatuluka zidakali zibuluma, kwezani pang'ono. Sofa ikasanduka bedi kapena ikachoka pamalo, tsitsani.

Mawu alembeni m'Chingerezi, afupi, otchula zinthu zimene mwapaka basi:

```
photo of a living room, grey fabric sofa, wooden coffee table, beige rug, daylight from left window
```

Ndipo m'bokosi la Negative prompt, la zinthu zimene simukufuna kuti zituluke:

```
fireplace, extra window, extra door, people, text
```

Mawu a "luxury" ndi anzake asiyeni, amakoka malo othera moto ndi magetsi olendewera a ku Ulaya amene nyumba yanu ilibe. CFG Scale isiyeni pa 7, Sampling steps cha m'ma 30. Dziwaninso kuti pa img2img masitepewo sayenda onse, amachepa molingana ndi strength, moti 30 pa 0.6 ndi pafupifupi 18. Chithunzi chikamaoneka chosapsa, onjezani masitepe musanaganize kuti mawu ndi olakwika.

Mukapeza chimodzi chokusangalatsani, koperani nambala yake ya Seed, imene imachititsa kuti chithunzi chomwecho chitulukenso, muiike m'bokosi la Seed m'malo mwa -1. Mukatero mutha kusintha chinthu chimodzi chimodzi n'kuona chimene chasintha. Kuti mupeze mitundu ingapo ya chipinda chomwecho, sinthani mawu awiri atatu, sofa ya nsalu ikhale ya chikopa, tebulo la matabwa likhale la galasi. Koma mtundu ukasintha kwambiri, monga yotuwa kupita yobiriwira, bwererani mukapakenso chibuluma chobiriwira, chifukwa pa 0.6 utoto wapansi umapambana mawu. Pansi pa tsambalo palinso Script yotchedwa X/Y/Z plot imene imakutulutsirani 0.5, 0.6 ndi 0.7 pamzere umodzi, mungoyang'ana n'kusankha.

Amene akulangizani ControlNet, chowonjezera chosunga maonekedwe a chithunzi choyambirira, makamaka ya depth yoyeza kutalikirana kwa zinthu, sananame, koma sanamalize. Depth ikawerenga chipinda chopanda kanthu imauza pulogalamu kuti pansi ndi posalala, ndiye imalimbana ndi mipando yomwe mukufunayo. Ngati mukufunadi kusintha chithunzi chonse, ControlNet ya MLSD ndiyo yabwinoko poti imagwira mizere yowongoka ya makoma ndi mawindo. Pa ntchito yanuyi Inpaint yokha ikukwanirani.

Chimene ndingakuletseni kwenikweni ndi masamba olipiritsa aja oti mungoponya chithunzi n'kudina kamodzi. Lina linandidyera madola ndithu, n'kundibwezera pabalaza pokongola koma zitsulo za pawindo zitachoka, soketi yasowa, mng'alu wa pakona watsekeka, ndipo pamene panali khomo lopita kukhitchini pali kabati. Poti n'kusintha strength panalibe. Chithunzi chotere mukachiika pa malonda, munthu adzawononga thiransipoti kubwera kudzaona nyumba, n'kupeza ina, ndipo dzina loipa likhala lanu. Choncho chilichonse chimene mwatulutsa chiikeni pambali pa choyambirira, muwerenge mawindo, muone ngodya za siling'i, mizere ya matailosi ngati ikupitirira bwino kuseri kwa tebulo, ndi miyendo ya mipando, poti nthawi zina imatuluka isanu. Potsatsa ikani zonse ziwiri, chopanda kanthu ndi chamipando, mulembe poyera kuti mipandoyo ndi yapakompyuta. Ena akafika amafunsa sofa.

Za mtengo, pulogalamuyo ndi yaulere koma imafuna kompyuta yokhala ndi khadi la zithunzi la NVIDIA, la 6GB kupita m'mwamba kuti musavutike. Laputopu wamba ya muofesi imatha mphindi zambiri pa chithunzi chimodzi. Kubwereka makina pa intaneti kumakhala cha m'ma theka la dola pa ola, zimasinthasintha, ndipo muzizimitsa mukamaliza chifukwa amawerengabe. Fayilo ya modelo ya SD 1.5 ndi 2GB kapena kuposa, ndiye bandulo ikhale yokwana.

Komanso mujambulenso chipindacho masana, magetsi atazimitsidwa, mutaima pakona, foni ili cha pachifuwa yosapendekeka. Kamera ya 0.5x ija imapinda makoma, ndipo mipando imakana kukhala bwino pa khoma lopindika. Ndowa ndi tsache muchotse musanajambule, zimasanduka mphika wa maluwa.